Zimene ahedi ananena pa asembule, ana ambiri anazimva mokhota

Ahedi a pa sukulu ina ya CDSS kuno ku Thyolo analankhula pa asembule Lolemba kuti mwana aliyense aziwerenga tsiku ndi tsiku, ana nkuomba m'manja, koma ndikudziwa kuti ambiri anamva ngati akuwauza kuti aziloweza manotsi. Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndipo zimenezi zanditopetsa. Manotsi ndi ofunika inde, koma ahediwo amanena zoti mwana azitenga nkhani yoti sanaionepo, kaya ya munyuzi kaya ya m'buku la mulaibulale, nkuiwerenga mpaka aimve.

Chifukwa chake anachifotokoza bwino. Kupatula Chichewa, mafunso a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndiye mwana wowerenga movutikira amayamba waluza asanagwire nkomwe cholembera. Amatsata liwu limodzilimodzi ndi chala, pofika kumapeto kwa funso waiwala kale poyambira paja, abwerezenso, nthawi ikupita.

Pali mnyamata wina wa Fomu 4 amene mpaka lero amandiwawa mumtima. Masamu ankawatha kwabasi. Pa moku linabwera funso loti wamalonda anali ndi matumba 40 a chimanga, nkugulitsa magawo atatu mwa anayi, ndiye atsala angati. Iye analemba 30. Kuwerengetsera kunali kolondola bwinobwino koma 30 ndi ogulitsidwawo, funso limafuna otsala omwe ndi 10, ndipo kaliwu koti otsala aja sanakaone nkomwe poti maso ake anangothamangira manambala. Pa MSCE anakhoza masamu ndi sayansi koma Chingerezi anapeza 9, ndipo ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe. Pano amathyola tiyi ku esiteti.

Makolo, muyeseni mwana wanu nokha madzulo ano. Mpatseni ndime imodzi ya munyuzi awerenge mokweza, kenako aitseke akuuzeni m'Chichewa kapena m'Chilhomwe zomwe wamva. Akangoti kakasi kapena kubwereza mawu omwewo ngati chinkhwe, vuto lilipo. Mankhwala ake ndi mphindi 20 tsiku lililonse kusanade, poti makomo ambiri magetsi kulibe, alembe mawu atatu achilendo kuseri kwa kope, mawa lake awagwiritse ntchito m'ziganizo zake.

Koma chonde musadikire temu yachitatu ya Fomu 4! Liwiro la kuwerenga silibwera pa masabata awiri, zimafunika kuyamba ku Fomu 1, ngakhalenso ku Sitandade 5 komwe maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi. Mayeso akayandikira ndi pomwe amatulukira aja ogulitsa likasa pa foni, eti pepala lenileni latuluka tumizani ndalama, ena mpaka kupita ndi mwana kwa sing'anga akamutemere mphini za nzeru. Mapepala amenewo ambiri ndi abodza, ndipo mwana akagwidwa nalo m'chipinda cha mayeso zotsatira zake zimafafanizidwa, apolisinso amalowererapo. Ndalama imeneyo bola mugulire mwana dikishonale ndi tochi.