Msonkho wa vati pa bizinesi yaing'ono: mafunso ndi mayankho

Ndangolembetsa kumene bizinesi yanga ya ukalipentala ku msonkho wa vati. Kodi msonkhowu uzichoka m'thumba mwanga?

Ayi, bola muziuwerengera bwino. Amene amausenza ndi munthu womaliza kugula, amene akukagwiritsa ntchito tebulo kapena mpando uja. Inu ntchito yanu ndi kutolera msonkhowo kwa kasitomala, kuchotsapo msonkho umene inunso munalipira pogula zipangizo, kenako kukapereka zotsalazo ku bungwe lotolera misonkho. Pa lisiti ndi pa mafomu msonkhowu umalembedwa kuti VAT. Unayambira ku France mu 1954, ndipo lero umagwira ntchito m'mayiko oposa 160. Mlingo wake ndi wosiyanasiyana: ku South Africa ndi 15 peresenti, ku Kenya 16, ku Britain 20. Kawerengedwe kake n'kamodzimodzi konsekonse, choncho pano tigwiritsa ntchito 20 peresenti chifukwa masamu ake ndi osavuta, inu muikepo mlingo wa dziko lanu.

Tiyerekeze mwezi umodzi wa ntchito yanu. Mwagula matabwa a 300,000, ndipo wogulitsa wawonjezerapo vati ya 60,000. Misomali, guluu ndi vanishi zakwana 50,000, vati yake 10,000. Magetsi a pamalo ogwirira ntchito 20,000, vati yake 4,000. Msonkho wonse umene mwalipira pogula ndi 74,000. Ndiye mwakhoma madesiki 10, iliyonse mukugulitsa 80,000. Pa 800,000 imeneyo muwonjezerapo 160,000, ndipo kasitomala akupatsani 960,000. Pakutha pa mwezi muchotsa 74,000 pa 160,000, ndipo mukapereka 86,000.

Taonani kumene 86,000 yachokera. Zipangizo zinali za 370,000, inu mwazisandutsa katundu wa 800,000, kutanthauza kuti luso ndi thukuta lanu zawonjezera 430,000 pa mtengo. 20 peresenti ya 430,000 ndi 86,000 yomweyo. Ogulitsa zipangizo anapereka kale gawo lawo, inu mwapereka lanu, ndipo zonse pamodzi zikukwana 160,000 imene kasitomala analipira.

Ndinagulitsa desiki pa 96,000, msonkho uli momwemo. Ndichotse 20 peresenti kuti ndidziwe ya boma?

Mukatero mudzibera nokha. 20 peresenti ya 96,000 ndi 19,200, pomwe msonkho weniweni ndi 16,000. Chifukwa chake n'chakuti peresenti ija inawerengeredwa pa 80,000, mtengo usanakwere. Mtengo umene uli kale ndi msonkho muziuchulukitsa ndi mlingo, kenako n'kugawa ndi 100 yophatikiza mlingowo:

```
96,000 x 20 / 120 = 16,000
```

Mlingo ukakhala 15, muchulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 115.

Vuto lalikulu kuposa limeneli limagwera amene aiwala kuwonjezera msonkho. Tinene kuti kasitomala wakale wabwera, mwamugulitsa desiki pa 80,000 monga munkachitira musanalembetse. A misonkho sadzamva zoti simunatolere kanthu. Iwo amaona kuti ndalama iliyonse imene munthu wolembetsa walandira ili kale ndi msonkho mkati, ndiye pa 80,000 ija adzafuna 13,333, inu n'kutsala ndi 66,667. Ngati phindu lanu pa desiki linali 12,000, ndiye kuti mwagwira ntchito yaulere n'kuwonjezerapo zanu. N'chifukwa chake pouza munthu mtengo, makamaka pa kalata yopikisana nayo ntchito, muzilemba poyera ngati msonkho uli mkati kapena ubwera pamwamba. Mukapanda kulemba, nthawi zambiri amazitenga kuti uli mkati.

Ndili ndi kapepala kolemba pamanja kosonyeza kuti ndinagula matabwa. Kodi sikokwanira kuti andibwezere msonkho?

Kawirikawiri sikokwanira, ndipo apa ndi pamene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amataya ndalama. Ufulu wochotsera msonkho umene munalipira umaima pa invoisi ya msonkho yochokera kwa wogulitsa amene nayenso analembetsa. Invoisiyo iyenera kuonetsa dzina la wogulitsa ndi nambala yake ya msonkho, nambala ya invoisi, tsiku, katundu amene wagulidwa ndi kuchuluka kwake, mtengo wopanda msonkho, mlingo, ndiponso msonkhowo pawokha. Pa katundu wa ndalama zambiri amafunanso dzina lanu, ndipo mayiko ena amafuna nambala yanu ya msonkho. Kumene kuli makina a malisiti olumikizidwa ku bungwe la misonkho, lisiti yotuluka m'makinawo ndi imene imavomerezeka.

Muziiwerenga invoisi musanachoke pa kauntala. Ngati palibe nambala ya msonkho koma pali mzere wa VAT, funsani, chifukwa munthu wosalembetsa saloledwa kutolera msonkhowu, ndipo zimene mungamupatse simudzaziona. Ngati invoisi ya matabwa yalembedwa m'dzina la mlamu wanu amene munamutuma, bwezani akalembenso m'dzina la bizinesi. Mabungwe ambiri a misonkho ali ndi njira yofufuzira ngati nambala ili yeniyeni, ndipo masiku ano amayerekezera zimene inu mwalemba kuti munagula ndi zimene wogulitsa walemba kuti anagulitsa. Ziwirizo zikasiyana, amayamba aimitsa zanu. Malisiti a pepala lopyapyala la m'makina amafufutika pakapita miyezi, ndiye muziwajambula tsiku lomwelo. Mapepala onsewa amasungidwa kwa zaka zingapo. Ku Britain ndi zaka 6.

Pali funso limene mungadzifunse nokha: wogulitsa wosalembetsa akukupatsani matabwa aja pa 330,000, wolembetsa pa 360,000 msonkho uli mkati. Wotchipa ndi uti? Kwa inu ndi wachiwiriyo, chifukwa 60,000 idzabwerera ndipo matabwa akudyerani 300,000 yokha. Ambiri amangoona chiwerengero cha pansi pa pepala n'kuthamangira kwa woyamba.

Ndiye chilichonse chimene ndagula ndili ndi invoisi ndingachotsere?

Chokhacho chimene chagulidwira bizinesi, komanso chothandiza kupanga katundu wa msonkho. Zakudya za pakhomo ndi zovala za ana sizilowa. Mayiko ambiri amakananso msonkho wa pa ndalama zosangalatsira makasitomala ndi wa pa galimoto yaing'ono yoyendera anthu, ngakhale mutalumbira kuti ndi ya ntchito. Foni kapena magetsi ogwiritsidwa ntchito kunyumba ndi kubizinesi komwe mumachotsera gawo la bizinesi lokha. Malipiro a antchito alibe vati, choncho palibe chochotsera pamenepo.

Ndimamva za katundu wa ziro peresenti ndi katundu wopanda msonkho. Si chinthu chimodzi?

Kwa wogula zimaoneka zofanana, poti konseko sawonjezera kanthu. Kwa wogulitsa ndi zosiyana kwambiri. Katundu wa ziro amawerengedwa kuti ndi wa msonkho ndithu, kungoti mlingo wake ndi 0, ndiye msonkho wa pa zipangizo amakubwezerani wonse. Chitsanzo chodziwika ndi katundu wotumizidwa kunja kwa dziko. Madesiki 10 aja akanapita kunja, mukanalandira 800,000 yopanda chowonjezera, ndipo 74,000 yonse ikanakhala ngongole ya boma kwa inu, pokhapokha mutasunga mapepala a kasitomu otsimikiza kuti katunduyo anatulukadi.

Zinthu zopanda msonkho, monga lendi ya nyumba zogonamo, maphunziro, chithandizo cha kuchipatala ndi ntchito zambiri za mabanki m'mayiko ochuluka, zilibe mwayi umenewo. Simutolera, komanso simubwezeredwa. Mukagula penti yokonzera nyumba imene mumachititsa lendi, msonkho wa pa pentiyo muusenza nokha mpaka kalekale. Ngati bizinesi imodzi ikuchita zonse ziwiri, msonkho wa pa zinthu zogwiritsidwa ntchito mbali zonse umagawidwa, kawirikawiri potengera kukula kwa malonda a mbali iliyonse.

Ndinapereka madesiki pa ngongole, kasitomala sanalipirebe. Ndidikire kaye?

Lamulo silidikira. M'mayiko ambiri msonkho umabadwa pa tsiku limene chimodzi mwa izi chayamba kuchitika: kupereka katundu, kulemba invoisi, kapena kulandira ndalama. Mukapereka madesiki ndi invoisi mwezi uno, 160,000 ija ilowa pa fomu ya mwezi uno, ngakhale kasitomala atalonjeza kulipira pakatha masiku 90. Mudzafunika kupeza 86,000 kuchokera ku mpamba wanu, pomwe 444,000 ya zipangizo inatuluka kale. Ndalama ya chikole imene munthu wapereka poyitanitsa katundu nayonso nthawi zambiri imakhala ndi msonkho pa tsiku limene mwailandira.

Ine ndimaona kuti ichi ndiye chimagwetsa mabizinesi abwinobwino, kuposa masamu. Pochita mgwirizano wa ngongole, pemphani kuti gawo loyamba la malipiro likwanire msonkho ndithu. Funsaninso ngati dziko lanu limalola mabizinesi ang'onoang'ono kuwerengera msonkho pa ndalama zimene zalowadi, chifukwa mayiko ena ali ndi dongosolo lotero. Ngongole ikafa, pamakhala njira yoti akubwezereni msonkho umene munapereka, koma pakapita nthawi yoikika ndiponso mutasonyeza kuti munayesetsa kulonjerera.

Ndalama zikalowa, vuto limatembenuka. Mu akaunti mukuoneka 960,000, mtima n'kumati malonda ayenda, mwaodanso matabwa ena, tsiku lopereka msonkho n'kukupezani mulibe kanthu. Ndalama ya msonkho ili ngati katundu amene mnzanu wakusungitsani: ali m'nyumba mwanu koma mwini wake abwera. Njira yodalirika ndi kusamutsira gawo la msonkho ku akaunti ina tsiku lomwelo limene kasitomala walipira. Fomu imaperekedwa mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi iwiri kapena itatu, malinga ndi dziko, ndipo imafunika ngakhale mwezi umene simunagulitse kanthu. Kuchedwetsa fomu kuli ndi chindapusa chake, kuchedwetsa ndalama kuli ndi chiwongoladzanja chake.

Mwezi uno ndagula makina odulira matabwa, ndipo msonkho umene ndalipira waposa umene ndatolera. Andipatsa ndalama m'manja?

Tinene kuti makinawo ndi a 1,000,000, vati yake 200,000. Pamodzi ndi 74,000 ya zipangizo, mwalipira 274,000, pomwe mwatolera 160,000. Boma lili nanu ngongole ya 114,000. Msonkho wa pa makina umachotsedwa wonse pa nthawi imodzi, suchita kugawidwa pa zaka zimene makinawo adzagwire ntchito.

Koma ndalamayo sibwera mawa lake. Mayiko ambiri amayamba aisunga kuti ichotsedwe pa msonkho wa miyezi yotsatira. Mwezi wamawa ukakhala ngati woyamba uja, 86,000 imene mukanapereka iphimbidwa yonse, ndipo 28,000 idutsa kupita mwezi winawo. Mwa njira imeneyi ndalama yanu yabwerera popanda wina kukulemberani cheke. Amene amapempha kubwezeredwa ndalama zenizeni ndi amene ngongole yawo imangokula mwezi ndi mwezi, monga otumiza katundu kunja. Pempho lotero limabwera ndi kafukufuku: adzafuna invoisi ya makina, umboni wa kubanki woti munalipiradi, ndipo mwina adzafika kudzaona ngati makinawo alipodi ndiponso ngati nambala yake ikufanana ndi ya pa pepala. Ngati muli ndi ngongole ya msonkho wina, amayamba achotsa imeneyo. Makina akakhala ochokera kunja, vati mumalipira pa chipata cholowera m'dziko, ndipo pepala lochotsera msonkhowo ndi la kasitomu, lolembedwa m'dzina la bizinesi yanu, osati la wothandiza kuwombola katundu.