Mafunso ndi Mayankho pa Ma Aigenivalyu a Chingwe Chomangidwa Mbali Zonse Ziwiri

N'chifukwa chiyani y'' + λy = 0, pomwe y(0) = 0 ndi y(L) = 0, imalola manambala ena okha a λ?

Apa L ndi kutalika kwa chingwe, ndipo y ndi kusuntha kwa chingwecho pa malo x. Yankho la y = 0 limakwanira pa λ iliyonse, koma limeneli ndi chingwe chongokhala phee, ndipo chimene tikufuna ndi yankho limene si ziro ponseponse. Tikalemba λ = k², k ili yoposa ziro, mayankho onse amakhala y = A cos(kx) + B sin(kx). Lamulo la y(0) = 0 limachititsa A kukhala ziro, pakuti cos 0 = 1 pomwe sin 0 = 0. Lamulo lachiwiri limasiya B sin(kL) = 0, ndipo popeza B ikakhalanso ziro sipatsala kanthu, sin(kL) ndiyo iyenera kukhala ziro, kutanthauza kuti kL = nπ. Motero ma aigenivalyu, omwe ndi manambala a λ opereka yankho limene si ziro ponseponse, ndi λ = (nπ/L)², pomwe n = 1, 2, 3 mpaka kalekale, ndipo yankho la iliyonse, lotchedwa aigenifankishoni, ndi sin(nπx/L). B imatsala yosadziwika, ndipo uku sikulakwitsa ayi, chifukwa malamulo awiriwa amaneneratu maonekedwe a funde koma osati msinkhu wake.

Nanga λ ikakhala ziro kapena yochepera ziro?

Pa λ = 0 yankho ndi mzere woongoka, y = Ax + B, umene sungakhale ziro kunsonga zonse ziwiri pokhapokha uli ziro paliponse. Pa λ = −k², mayankho onse amakhala y = A cosh(kx) + B sinh(kx), ndipo lamulo loyamba limasiya B sinh(kx), koma sinh(kL) sikhala ziro pamene kL ikuposa ziro, choncho kumeneko kulibe aigenivalyu.

Pa chingwe chenicheni, manambalawa amaoneka bwanji?

Titenge chingwe cha gitala cha mamita 0.65. Apa π/0.65 ndi pafupifupi 4.83, kotero aigenivalyu yoyamba ndi pafupifupi 23.4, ndipo chingwe chimanjenjemera chonse ngati uta umodzi. Yachiwiri ndi pafupifupi 93.4, yomwe ndi yoyamba ija kuchulukitsa kanayi, ndipo funde lake, sin(2πx/0.65), lili ndi malo osasuntha pakati penipeni, pa mamita 0.325. Liwiro la kunjenjemera limatsata k osati λ, n'chifukwa chake limangowirikiza kawiri. Woimba akakhudza chingwe pang'ono pakatipo n'kuchikhwatcha, funde loyamba limazima ndipo mawu okwera a funde lachiwiri ndiwo amamveka.

Ndingadziwe bwanji kuti ndalakwitsa?

Werengani malo osasuntha a mkati mwa chingwe, osaphatikiza nsonga: aigenifankishoni ya nambala n iyenera kukhala nawo n − 1. Ophunzira ambiri amayambira pa n = 0, koma sin 0 imatibwezera ku chingwe chosanjenjemera chija, pomwe n yochepera ziro imangobwereza funde lomwelo mozondoka. Ngati sin(kL) ikukana kutuluka ziro pa kakyuleta, onani ngati makinawo ali pa `DEG` m'malo mwa `RAD`.