Mtengo wakwera: momwe mungakanire pa imelo, galimoto ya katundu n'kumabwerabe

Mayi wina amene ali ndi sitolo yopikulitsa ku Ngabu anandionetsa imelo pafoni yake tsiku lina masana, dzuwa lathu lija la kuchigwa likuswa mtengo. Inachokera ku kampani ya ku Limbe imene imawabweretsera mafuta ophikira. Inali ya mizere itatu yokha: kuyambira Lolemba, ndowa ya malita 20 ichoka pa K100,000 kufika pa K118,000, chifukwa cha kukwera kwa mafuta a galimoto ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Mayiwo anali atalemba kale yankho koma asanatumize, ndipo linkayamba ndi mawu akuti "Ngati ndi choncho basi tisiyane." Ntchito yanga ndi yogulira makampani katundu, ndipo ndinawapempha kuti adikire kaye, titenge pepala ndi cholembera. Manambala a m'nkhaniyi ndawafewetsa kuti masamu asavute, inu muikepo a mitengo ya lero.

Tinayamba ndi kuona kukula kwa bala. Iwo amatenga ndowa 30 pamwezi, maulendo awiri a 15. Kukwera kwa K18,000 pa ndowa ndi 18 peresenti, ndipo pamwezi ndi K540,000 yowonjezera. Amagulitsa ndowa pa K108,000 kwa anyamata a ziwaya za tchipisi ndi amayi okazinga mandasi, ndiye kuti mtengo watsopanowo unaposa ngakhale umene iwo amagulitsira. Kukana kunali koyenera.

Komatu kusiyana ndi kampaniyo kunali nkhani ina. Kuno si ku Limbe kumene ukakangana ndi wogulitsa uyu umangowoloka msewu n'kulowa kwa wina. Si onse amalola kutsitsa galimoto yodzaza katundu pa mapiri a Thabwa, kuwoloka Shire pa Chikwawa, kudutsa Nchalo mpaka kufika Ngabu kapena Bangula, n'kukusiyira katundu woti ulipire pakatha masiku 30. Amene anali kuno nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 akukumbukira momwe misewu inadukira ndi momwe mashelefu anaumira. Msewu ukatseguka, wogulitsa amayambira makasitomala amene amagwirizana nawo. Chimene mukukana pa imelo yotere ndi nambala imodzi basi, ndipo mawu aliwonse ayenera kuonetsa kuti munthuyo mukumufunabe.

Kenako tinaphwanya chifukwa chimene anapereka. Apa ndi pamene ambiri amagonja msanga, pakuti akamva kuti dizilo wakwera amaona ngati nkhani yatha. Ndinapempha mayiwo invoyisi yakale. Pamenepo panalembedwa kuti mwa K100,000 ija, K5,000 ndi ya thiransipoti. Tiyerekeze kuti mtengo wonyamulira wakwera ndi theka lathunthu: K5,000 ifika pa K7,500, ndiye kuti dizilo akufotokoza K2,500 yokha pa ndowa. Nanga K15,500 yotsalayo? Mbali ina ingakhale yoona, chifukwa opanga mafuta ophikira amaitanitsa zipangizo zina kunja, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika m'masitolo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma kukwera koona kumakhala ndi masamu ake, ndipo wogula ali ndi ufulu wowafunsa. Nthawi zambiri wogulitsa amaikapo kenakake pamwamba podziwa kuti ena adzanenerera, ndipo amene akhala chete ndiye amalipira zonse.

Papepala lomwelo tinapezanso chinthu china chofunika kwambiri. Koteshoni imene anagwirizana inanena kuti mtengo wa K100,000 ugwira ntchito mpaka kutha kwa mweziwo, ndipo oda ya ndowa 15 inali itavomerezedwa kale imelo ija isanabwere. Musanalembe chilichonse, fufuzani mapepala anu ngati pali tsiku lotere, kapena mawu onena kuti mtengo usanasinthe adzakudziwitsani padakali masiku angati.

Imelo imene tinalemba ndi iyi. Ambiri amalemba makalata a bizinesi m'Chingerezi, ndipo palibe cholakwika, mafupa ake ndi omwewa. Tinayankha podina Reply pa imelo yawo yomweyo kuti nkhani yonse ikhale pamodzi.

"Bambo, ndalandira uthenga wanu wokhudza mtengo watsopano wa mafuta ophikira. Zikomo potidziwitsa katundu asanabwere. Tagwira nanu ntchito zaka zitatu ndipo galimoto yanu yakhala ikufika kuno ngakhale nthawi ya mvula. Tikufuna kuti zimenezi zipitirire.

Mtengo wa K118,000 pa ndowa sitingathe kuuvomera. Pa ndowa 30 zimene timatenga pamwezi, ukutiwonjezera K540,000, ndipo makasitomala athu kuno sangaufikire.

Oda yathu ya ndowa 15 imene munaivomereza kale, chonde ibwere pa K100,000 monga ikunenera koteshoni yanu imene ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Ndaiphatikiza pa uthengawu.

Kuyambira mwezi wamawa, tingathe kulipira K105,000 pa ndowa. Kumbali yathu, tizitenga ndowa zonse 30 pa ulendo umodzi m'malo mwa awiri, ndipo tizilipira pasanathe masiku 7 m'malo mwa 30. Zingatithandizenso mutatiuza kuti mwa K18,000 imeneyi, ya thiransipoti ndi zingati ndipo ya ku fakitale ndi zingati.

Chonde tiyankheni pofika Lachisanu kuti tikonze oda ya mwezi wamawa. Kufikira titagwirizana, musatumize katundu pa mtengo watsopanowu. Ngati n'kotheka ndikuimbireni mawa m'mawa, ndiuzeni nthawi imene muli omasuka."

Pansi pake anaika dzina lawo, dzina la sitolo ndi nambala ya foni.

Chiganizo chokanacho chili pachokha ndipo n'chachifupi. Ife anthu timaopa kunena kuti ayi pamaso pa munthu amene timamulemekeza, ndiye timazungulira: "tiona", "zinthu zavuta kuno", "mutiganizireko". Pakamwa mawu amenewa amamveka, chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimathandiza. Pa imelo, wowerenga amene ali ndi makalata makumi asanu pa tsiku amawatenga ngati kudandaula chabe, ndipo Lolemba galimoto imafika ndi invoyisi ya K118,000. Mnyamata wa musitolo akatsitsa ndowazo n'kusayina pepala lolandirira katundu, mwadziika pamalo ovuta, pakuti munauzidwa mtengo watsopano, simunakane momveka, ndipo katundu mwalandira. Wogulitsa adzanena kuti munavomera, ndipo kumutsutsa kudzakhala kovuta. N'chifukwa chake mzere uja woti asatumize katundu pa mtengo watsopano sindilola kuti uchotsedwe, ngakhale mayiwo ankaona ngati ndi wolimba kwambiri. Ulemu uli m'ndime yoyamba ndi yomaliza, ndipo ndi wokwanira.

Kuthokoza kwa m'ndime yoyambayo kukhale pa chinthu chimene chinachitikadi. Kunena za galimoto yofika nthawi ya mvula kumamuuza bamboyo kuti khama lake munaliona. Mawu osyasyalika ongotola amawazindikira msanga.

Gawo limene limatsegula khomo ndi la zimene inu mukupereka. Bambo amene walemba imelo ija kawirikawiri si mwini kampani. Ali ndi bwana wake amene adzamufunsa chifukwa chake kasitomala wa ku Ngabu akulipira zochepa. Mukangokana, mwamusiya manja ali m'khosi. Mukamupatsa ulendo umodzi m'malo mwa awiri, ali ndi chonena: thiransipoti ya ndowa 15 inali K75,000 pa ulendo, ndipo ngakhale sangapulumutse yonse poti galimotoyo imasiyanso katundu kwa ena m'njira, gawo lake lipulumuka. Kulipira msanga nako ndi ndalama. K3,150,000 ya ndowa 30 zija ikamabwera masiku 23 msanga mwezi uliwonse, pamene chiwongoladzanja cha ku banki chili chokwera ndipo mitengo ikusintha kawirikawiri, wogulitsa aliyense amadziwa phindu lake.

Koma musalonjeze zimene simungathe. Ndinafunsa mayiwo ngati ali ndi malo a mthunzi osungira ndowa 30, poti mafuta ophikira sagwirizana ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo chipinda cha malata cha kuno mu Okutobala mukuchidziwa. Ndinawafunsanso ngati ndalama ya ndowa 30 ingapezeke m'masiku 7 pamene theka la katunduyo lisanagulitsidwe. Anawerenga, n'kupeza kuti ingapezeke akachepetsako oda ya sopo. Mukalephera lonjezo lotere mwezi woyamba, mwataya mtengo wabwinowo pamodzi ndi chikhulupiriro.

Pali zinthu ziwiri zimene tinazisiya dala. Sitinalembe phindu limene mayiwo amapeza pa ndowa, chifukwa wogulitsa akalidziwa amayamba kukuwerengerani kuti mungapirire mpaka pati. Sitinaopsezenso kuti pali wina wotchipa. Mayiwo anali atamva kuti kwina ndowa ndi K110,000, koma analibe koteshoni m'manja, sankadziwa ngati mtengowo ndi wofikitsa ku Ngabu kapena wokatenga wekha, ndiponso ngati msonkho uli momwemo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ogulitsa a ku Limbe amadziwana mitengo, ndipo mukanama n'kugwidwa, mawu anu onse otsala amapepuka. Mukakhala ndi koteshoni yeniyeni, nenani modekha kuti mwalandira mtengo wina wa zakutizakuti wofikitsa pakhomo, koma mungakonde kupitiriza ndi iwo. Dzina la kampani inayo lisungeni. Pa Cc, malo oikapo ena oti aone nawo imeloyo, musaikepo bwana wa wogulitsayo pa imelo yoyamba, chifukwa zimaoneka ngati mwakamunenera asanakuyankheni n'komwe.

Bamboyo anaimba yekha tsiku lotsatira. Oda ya ndowa 15 anavomera kuti ibwere pa mtengo wakale. Pa K105,000 anakana, nati mtengo wa ku fakitale wakweradi, ndipo anathera pa K108,000 kwa miyezi itatu. Mayiwo anayenera kukweza mtengo wawo musitolo, koma mowonjezera K8,000 osati K18,000, ndipo pamwezi anapulumutsa K300,000.

Foni itangoduka ndinawauza kuti alembenso imelo ina ya mizere iwiri nthawi yomweyo: "Monga tagwirizana pafoni lero, mtengo ndi K108,000 pa ndowa kwa miyezi itatu, ndowa 30 ulendo umodzi, kulipira m'masiku 7. Chonde yankhani kutsimikiza." Amene amalemba invoyisi nthawi zambiri ndi munthu wina wa mu ofesi ya zachuma amene sanamve zokambirana zanu, ndipo pakompyuta pake pali kale K118,000. Invoyisi yoyamba ikafika muifananize ndi imelo imeneyi musanasayine.

Zimachitikanso kuti wogulitsa amakaniratu, osatsitsa ngakhale kwacha imodzi. Pamenepo musatseke akaunti yanu. Muthokozeni poyankha, muuzeni kuti pa mtengo umenewo muchepetsa oda kufika pa ndowa 10 pamwezi, zotsalazo mufunafuna kwina, ndipo mupempheni kuti mudzakambiranenso pakatha miyezi iwiri. Dzina lanu likhalabe m'buku lake, masiku 30 olipirira aja akhalabe anu, ndipo galimoto yake ikamatsika Thabwa mu Januwale idzakhala ndi chifukwa choimira pa sitolo yanu.