Kutchinga mizere ndi makolamu kuti manijala aziona za nthambi yake yokha

Bungwe lobwereketsa ndalama lomwe lili ndi nthambi zitatu silisunga mabuku atatu osiyana. Ngongole zonse zimalembedwa m'tebulo limodzi la mu detabesi, momwe mzere uliwonse ndi ngongole imodzi, ndipo kolamu iliyonse imasunga chinthu chimodzi chokhudza ngongoleyo, monga dzina la wobwereka, nthambi yake, ndalama yotsala, nambala ya chiphaso cha unzika ndi malipiro ake apamwezi. Tiyerekeze kuti tebuloli lili ndi mizere 9,000, ndipo 2,400 ndi ya ku Zomba pomwe yotsalayo ndi ya ku Kasungu ndi ku Mzuzu. Chofunika n'chakuti manijala wa ku Zomba aziona mizere 2,400 yokhayo, komanso kuti ngakhale m'mizere yakeyo asaone malipiro ndi nambala za ziphaso ngati ntchito yake sikufuna zimenezo.

Njira yomwe olemba mapulogalamu ambiri amayamba nayo ndi yosefa pa sikirini: pulogalamu imadziwa amene walowa, ndiye pofunsa detabesi imawonjezera mawu oti ibweretse za Zomba zokha. Njirayi imagwira ntchito mpaka tsiku lomwe wina alemba lipoti latsopano n'kuiwala mawuwo, kapena manijala alumikiza Excel ku detabesi mwachindunji osadzera m'pulogalamu. Ine ndimaona kuti mpanda woterewu ndi wosadalirika chifukwa umayenera kumangidwa mwatsopano pa funso lililonse. Lamulo likaikidwa pa tebulo lenilenilo, funso lililonse limakumana nalo mosatengera komwe lachokera. Pulogalamu ya detabesi yotchedwa PostgreSQL inayamba kuchita zimenezi mu 2016, pa mtundu wa 9.5, ndipo amazilemba motere:

```sql
ALTER TABLE ngongole ENABLE ROW LEVEL SECURITY;

CREATE POLICY za_nthambi ON ngongole
  USING (nthambi = (SELECT a.nthambi FROM antchito a
                    WHERE a.dzina = current_user));
```

Mzere woyambawo umatseka tebulo lonse, moti popanda lamulo lotsatiralo manijala sangaone kalikonse. Lamulolo limayang'ana dzina la amene walowa, n'kupeza nthambi yake m'tebulo la `antchito`, kenaka n'kulola mizere yokhayo yomwe nthambi yake ikufanana ndi imeneyo. Manijala wa ku Zomba akalemba `SELECT count(*) FROM ngongole` amapeza 2,400, ndipo salandira uthenga uliwonse womudziwitsa kuti mizere ina 6,600 yabisidwa. Akafufuza ngongole ya ku Mzuzu ndi nambala yake yeniyeni, yankho limabwera lopanda kanthu ngati kuti ngongoleyo kulibe. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito polemba, choncho akayesa kulowetsa ngongole ya nthambi ina, kapena kusamutsira ngongole yovuta ku Kasungu kuti mabuku ake aoneke oyera, detabesi imakana ndi mawu akuti `new row violates row-level security policy`. Apa tebulo la `antchito` lasanduka kiyi wa nyumba yonse, ndipo manijala ayenera kuloledwa kuliwerenga kokha, chifukwa wokhoza kusintha dzina la nthambi yake m'menemo wadzitsegulira yekha nthambi iliyonse.

Makolamu amatchingidwa ndi njira ina, yopereka chilolezo pa kolamu iliyonse payokha:

```sql
REVOKE SELECT ON ngongole FROM mamanijala;
GRANT SELECT (nambala, dzina, nthambi, yotsala)
  ON ngongole TO mamanijala;
```

Mzere woyambawo ndi womwe anthu amaiwala, koma popanda iwo chilolezo chakale chowerenga tebulo lonse chimakhalabe, ndipo kutchula makolamu anayiwo sikuchotsa kanthu. Kusiyana kwake ndi kutchinga mizere n'kwakuti apa detabesi sibisa mwakachetechete. Manijala akalemba `SELECT *` funso lonse limakanidwa ndi mawu akuti `permission denied`, choncho malipoti akale omwe ankapempha makolamu onse amasiya kugwira ntchito m'mawa mwake, ndipo ayenera kulembedwanso potchula makolamu ololedwa okha.

Vuto lomwe ndakumana nalo kwambiri silikhala m'kalembedwe ka lamulo, koma m'dzina lomwe pulogalamu imalowera nalo. Mu PostgreSQL mwini tebulo sakhudzidwa ndi malamulo a mizere, ndipo kawirikawiri pulogalamu imalowa ndi dzina lomwe linagwiritsidwa ntchito popanga matebulowo. Pa bungwe lina lomwe ndinaitanidwa kukaunika, malamulo anali olembedwa bwino lomwe ndipo aliyense ankakhulupirira kuti nthambi ndi zotchingidwa, koma titakhala pa kompyuta ya manijala n'kutsegula lipoti la ngongole zochedwa, mayina a nthambi zonse anatuluka pamodzi. Palibe chomwe chinkalira kapena kufiira pa sikirini, chifukwa detabesi inkaona kuti wofunsayo ndi mwini wake. Mankhwala ake ndi `ALTER TABLE ngongole FORCE ROW LEVEL SECURITY`, komwe kumachititsa kuti mwini tebulo naye amangidwe ndi lamulo, ngakhale kuti woyang'anira wamkulu wa detabesi ndi aliyense wopatsidwa mphamvu yodumpha malamulo a mizere yotchedwa `BYPASSRLS` amadutsabe. N'chifukwa chake pulogalamu iyenera kukhala ndi dzina lakelake lopanda mphamvu zimenezi. Msampha wofanana nawo uli m'mawindo owerengera omwe amapangidwa ndi `CREATE VIEW`, chifukwa amawerenga tebulo ndi mphamvu za amene anawapanga osati za amene akuwerenga, pokhapokha atapatsidwa `security_invoker = true`, yomwe inabwera ndi mtundu wa 15 mu 2022.

Pulogalamu ikamalowa ndi dzina limodzi m'malo mwa mamanijala onse, `current_user` sathandizanso, ndipo pulogalamuyo ndiyo imayenera kuuza detabesi nthambi ya wofunsayo, lamulo n'kumawerenga ndi `current_setting`. Apa pamafunika chisamaliro, popeza mapulogalamu amabwerekana njira zolumikizirana ndi detabesi pofuna kufulumira. Nthambi ikaikidwa ndi `SET` wamba imatsalira pa njirayo, ndipo manijala wa ku Kasungu akhoza kulandira njira yomwe ikadali ndi dzina la Zomba. Chizindikiro chake n'chosokoneza, chifukwa zolakwikazo zimangooneka apo ndi apo, makamaka pakutha pa mwezi pomwe anthu ambiri ali pa makina. `SET LOCAL` imathetsa zimenezi chifukwa imafufutika ntchito imodziyo ikangotha.

Pali malire ena omwe lamulo la mizere silingadutse. Ngati nambala ya chiphaso siloledwa kubwerezedwa m'tebulo, detabesi imafufuza mizere yonse, yobisika yomwe, ndiye manijala wa ku Zomba akalowetsa nambala ya munthu yemwe ali kale ndi ngongole ku Mzuzu amakanidwa, ndipo kukanidwako kumamuuza kuti munthuyo alipo kwinakwake. Bungwe lobwereketsa ndalama likhoza kukondwera nazo, poti zimagwira obwereka pawiri, koma liyenera kusankha zimenezi likudziwa. Komanso fayilo yomwe likulu latulutsa n'kutumiza pa imelo yachoka m'manja mwa detabesi, ndipo aliyense woitsegula amaona zonse zili m'menemo.

Poyesa ngati mpanda wagwira, woyang'anira detabesi alembe `SET ROLE` ndi dzina la manijala mmodzimmodzi, awerenge mizere, ayese kupempha kolamu ya malipiro, ndiponso ayese kulemba mzere wa nthambi ina. Kenaka abwereze zomwezo kudzera m'pulogalamu yeniyeni ndi m'lipoti lililonse, chifukwa kumeneko ndi komwe dzina lolowera limasiyana. Ziwerengero za nthambi zitatuzo zikaphatikizidwa ziyenera kukwana 9,000 ndendende. Zikaposa, ndiye kuti pali manijala amene akuona za mnzake, ndipo zikaperewera, pali mizere yomwe kolamu yake ya nthambi ili yopanda kanthu kapena inalembedwa molakwika, yomwe palibe manijala aliyense akuitsata ngakhale kuti ndi ngongole zoyenera kubwezedwa.