Munthu avomere kawiri musanayambe kumutumizira kalata

Mayi wina wogulitsa mbande za mitengo ya zipatso anandibweretsera kope lomwe anthu ankalembamo maina ndi maimelo pa chionetsero cha zaulimi. Ankafuna kuti onsewo azilandira kalata yake ya mwezi ndi mwezi. Ndinamuuza kuti, "Mayi, anthuwa ankalemba posonyeza kuti abwera, kalata sanapemphe." Tinagwirizana zopanga fomu.

Fomu yabwino imafunsa zochepa. Imelo yokha yakwana. Nambala ya foni kapena tsiku lobadwa mukufuna mutani nazo? Chilichonse chomwe mwasonkhanitsa, udindo wochisamala ndi wanu. Yathu inali motere:

```html
<input type="email" name="imelo" required>
<label><input type="checkbox" name="chilolezo" required>
Ndizilandira kalata kamodzi pamwezi</label>
```

Taonani kuti pa kabokosiko palibe mawu akuti `checked`. Achonge yekha mwiniwake. Lamulo la ku Ulaya la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati kabokosi kochongeratu si chilolezo. Kuno kwathu nakonso, kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo akuliyang'anira ndi a MACRA.

Koma pomwe pagona nkhani ndi apa. `type="email"` imangoona maonekedwe a adiresi. Siingadziwe kuti chala chaterereka pa foni n'kulemba gmial.com m'malo mwa gmail.com, kapena kuti wina walemba imelo ya mnzake. N'chifukwa chake munthu akadina batani, asalowe kaye pa mndandanda. Makina amutumizire uthenga umodzi wokha, waufupi, wokhala ndi linki yotsimikizira. Akaidina, walowa. Akapanda kudina, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri kenako adiresiyo ifufutidwe. Sungani tsiku, nthawi ndi mawu enieni omwe anavomera, kuti wina akadzadandaula mudzakhale ndi umboni.

Mayi aja anadandaula kuti anthu achepa. N'zoona, ena sadina. Koma munthu wolandira kalata yomwe sanapemphe amathamangira batani la Spam, ndipo Gmail imawerenga. Malire ake ndi 0.3 peresenti: anthu atatu okha mwa 1,000 akadandaula, makalata anu amayamba kuponyedwa ku Spam, ngakhale opita kwa makasitomala omwe amawadikira ndi mtima wonse. Chizindikiro chake, mumangoona makalata obwerera akuchuluka, otsegula akuchepa, wina n'kumakufunsani kuti, "Bwanji mwasiya kulemba?"

Pansi pa kalata iliyonse ikani linki yodzichotsera, yooneka bwino, yosafuna pasiwedi. Ndipo chonde musatumize kalata pounjika maadiresi onse pa To kapena Cc, chifukwa aliyense amaona imelo ya mnzake.

Kope lija mayi anabwerera nalo kunyumba. Pa chionetsero chotsatira tinamata pa tebulo pepala lokhala ndi adiresi ya fomuyo, pafupi ndi mbande za mapeyala.