Rula siyeza vekita pa foni

Ana a Fomu 4, makamaka a kuno ku Dedza amene mumanditumizira zithunzi za mafunso a masamu usiku, lekani kuika rula pa galasi la foni. Ndatopa nazo. Mwana amajambula tsamba la buku, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, n'kuyeza muvi ndi rula, kenako n'kundilembera kuti, "Aphunzitsi, ndapeza masentimita 7." Mnzake amene foni yake ndi yaing'ono apeza 4. Nanga muviwo wafupika panjira?

Foni ikapendekeka pojambula, timabokosi ta pepala la girafu tomwe tili kutali ndi kamera timaoneka tating'ono, tapafupi timaoneka tatikulu, ndipo ngodya ya madigiri 90 imaoneka ngati yatseguka kapena yapanikizika. Utali wasokonekera, ngodya zasokonekera. Chomwe kamera singasinthe ndi chiwerengero cha timabokosito. Muvi wodutsa timabokosi tinayi m'buku udutsa tinayi tomweto pa chithunzi, ngakhale mutajambula mutagona chammbali. Ndiye vekita ya pa chithunzi timawerenga, sitiyeza.

Yambirani kumchira kwa muvi, osati kumutu. Werengani timabokosi topita kumanja kapena kumanzere, kenako topita m'mwamba kapena pansi. Kumanja ndi m'mwamba ndi manambala wamba, kumanzere ndi pansi mumaika mayinasi. Tinene kuti muvi a ukupita timabokosi 4 kumanja ndi 3 m'mwamba, pomwe muvi b ukupita 2 kumanja ndi 5 pansi. Ndiye a = (4, 3) ndipo b = (2, −5). Pa mayeso mulembe nambala yoyamba pamwamba, yachiwiri pansi pake, monga momwe mabuku anu amalembera. Ine ndaziika mopingasa chifukwa cha malo chabe. Ndipo muziwerenga mipata, osati mizere. Amene amayamba kunena "wani" pa mzere womwe mchira wakhalapo amapeza 5 pomwe pali 4.

Kuphatikiza sikufuna nkhani yaitali. Zopingasa ndi zopingasa zinzake, zokwera ndi zokwera zinzake: a + b = (4 + 2, 3 − 5) = (6, −2). Pa chojambula, ndiye kuti mwalumikiza mchira wa b kumutu kwa a, ndipo yankho ndi muvi wochoka pomwe a wayambira kukafika pomwe b wathera.

Pomwe pamagwa anthu ndi pa utali wa yankholo. Utali wa vekita timaupeza ndi lamulo la Payithagorasi, chifukwa mayendedwe opingasa ndi okwera aja amakumana pa ngodya ya madigiri 90, muviwo n'kukhala mbali yaitali ya thirayango. Choncho |a| = √(4² + 3²) = √25 = 5, ndipo |b| = √(2² + (−5)²) = √29, pafupifupi 5.39. Mwana akafika apa amasangalala, n'kuphatikiza 5 ndi 5.39, n'kulemba 10.39. Ayi ndithu. Funso likuti |a + b|, ndiye phatikizani mavekita kaye, utali pambuyo: √(6² + (−2)²) = √40, pafupifupi 6.32. Munthu wozungulira m'mbali mwa bwalo la mpira ndi wodula pakati amakafika pa kona imodzi, koma sanayende mtunda wofanana. Utali wa a + b umafanana ndi utali wa a kuphatikiza wa b pokhapokha ngati mivi yonse iwiri yaloza kumodzi ndendende. Ikangopatukana pang'ono, umachepa. Mukapeza utali wa a + b woposa 10.39 pa funso ili, musavutike kundifunsa, mwalakwitsa.

Kalikuleta nayo imapha ana ambiri pamenepa. Mukalemba −2² popanda mabulaketi, imakupatsani −4, ndiye mupeza √32, pafupifupi 5.66, nambala yooneka bwinobwino koma yabodza. Lembani (−2)². Nambala iliyonse ikadzichulukitsa yokha siituluka ndi mayinasi.

Kuchulukitsa vekita ndi nambala ndi kuchulukitsa manambala onse awiri, osati wapamwamba yekha. 2a = (8, 6), utali wake √100 = 10, kawiri ka 5 uja, ndipo muvi ukulozabe komwe umaloza. −2a = (−8, −6), muvi watembenuka kuloza komwe unachokera, koma utali ndi 10 yemweyo. Utali wa mayinasi kulibe.

Tsono pali nkhani ya mtsikana wina wa cha ku Bembeke yomwe imandiwawabe. Anali wakhama, ndipo zonse ndafotokozazi ankazichita bwino. Pa gulu lawo la WhatsApp panabwera funso lokhala ndi mivi ngati yomweyi. Amene anajambula anayandikitsa foni kwambiri kuti mivi ioneke, manambala a m'mbali mwa girafu n'kudukira kunja. Mtsikanayu anawerenga timabokosi, napeza (6, −2) ndi 6.32. Koma m'bukumo manambala a m'mbali ankayenda 0, 2, 4, 6, kutanthauza kuti kabokosi kamodzi kankaimira mayuniti awiri. Zoona zake a anali (8, 6), b anali (4, −10), kuphatikiza kwake (12, −4), utali √160, pafupifupi 12.65. Yankho lake lililonse linali theka la loona.

Kulakwa kwa tsiku limodzi sikukanandidetsa nkhawa. Chomwe chinavuta n'choti pa gulupo panali bambo wina wodzitcha katswiri wa masamu, amene ana ankamutumizira ndalama pa foni kuti aziwachongera. Iye anayang'ana chithunzi chodukacho, osafunsa n'komwe kuti manambala a m'mbali ali kuti, n'kumuuza kuti wakhoza. Mwana anazolowera kuti kabokosi ndi yuniti imodzi basi. Anapita nacho chizolowezicho mpaka pa mayeso oyeserera, pomwe pepala linali m'manja mwake, manambala ali poonekera, iye osawayang'ana. Anabwera kwa ine MSCE itayandikira, ndipo chizolowezi cha miyezi sichichoka pa sabata imodzi.

Munthu amene akukuyankhani funso la chithunzi osakufunsani za sikelo, kapena wongotumiza nambala yomaliza popanda njira, musamupatse ndalama zanu. Makolo, inunso muzifunsa kuti amene mukumulipirayo anaphunzitsapo kuti. Ndipo ana inu, musadikire kuti nyengo yozizira ifike ndiye muziyamba kufunsa za mavekita. Mutuwu umatsamira pa manambala a mayinasi ndi pa Payithagorasi, zomwe munaphunzira m'makalasi a m'munsi. Ngati pamenepo pali dzenje, tiyenera kulipeza nthawi ikadalipo.

Pali zojambula zina zopanda timabokosi, za thirayango kapena paralelogiramu zolembedwa zilembo m'makona. Zimenezo musawerenge kanthu ndi maso ngakhale pang'ono. Kadontho kamene kali pakati penipeni pa mzere m'buku kamatha kuoneka kosendera mbali imodzi pa chithunzi chopendekeka. Khulupirirani mawu a funso ndi mitu ya mivi. Mitu imeneyi ndi imene imayamba kufufutika chithunzi chikadutsa m'mafoni ambiri, ndipo mukawerenga BA m'malo mwa AB, zizindikiro zonse zitembenuka koma utali utuluka womwewo, ndiye simudzazindikira kuti mwasochera.

Mukafuna kunditumizira funso, yalani buku pa tebulo, gwirani foni pamwamba pake molunjika, masana kukuwala, osati ndi tochi. Tsamba lonse lilowe: manambala a m'mbali zonse ziwiri, mitu ya mivi, ndi mawu a funsolo. Chithunzi chodukira ndizingochibweza.