Mwana akadumpha katemera, sitiyambiranso poyamba

Makolo ambiri amene mwana wawo wakhala miyezi osafika kusikelo amaganiza kuti katemera amene analandira kale anatha ntchito, ndipo anamwino akayambiranso kumubaya kuchokera poyamba. Sizili choncho. Thupi la mwana siliiwala. Katemera woyamba amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira kachilombo, ndipo wotsatira amalimbitsa zomwe thupi linaphunzira kale, ngakhale patadutsa miyezi yambiri. Choopsa ndi nthawi imene mwana akudikirayo, chifukwa chitetezo chake chimakhala chosakwanira, moti chifuwa chokoka mtima kapena chibayo chikhoza kumupeza.

Tiyerekeze mwana amene anabadwira kuchipatala, nalandira katemera wa pa masabata 6. Kenako banja linasamuka, ndipo wabweranso ali ndi miyezi 10. Timatsegula kabuku kake ndi kuona pomwe analekezera. Tsiku lomwelo alandira katemera wachiwiri wa penta, yemwe amateteza ku matenda asanu kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Alandiranso wachiwiri wa chibayo, madontho achiwiri a poliyo ndi jakisoni wa poliyo amene akanalandira pa masabata 14. Popeza wadutsa miyezi 9, wa chikuku ndi wa taifodi timamupatsiranso pompo.

Ndikudziwa kuti mayi amagwidwa chisoni kuona mwana akubayidwa kangapo tsiku limodzi. Koma jakisoni aliyense amabayidwa pamalo pakepake, ndipo thupi limatha kulandira onsewo bwinobwino. Kutentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwapo kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Ine sindikonda kusiyira ena ulendo wina, chifukwa mwana amene anasowa kale akhoza kusowanso.

Chimene sitingafulumizitse ndi mpata wa pakati pa katemera wa mtundu umodzi. Wachitatu wa penta, wa chibayo ndi madontho a poliyo amadikira masabata anayi athunthu. Akaperekedwa nthawiyo isanakwane, thupi silimanga chitetezo chokwanira, ndipo angafunike kubwerezedwa. Ndiye mwana wathuyu abweranso ali ndi miyezi 11, kenako pa miyezi 15 kudzalandira wachiwiri wa chikuku.

Katemera wina ali ndi malire a msinkhu. Madontho a poliyo a pobadwa saperekedwanso mwana akapitirira masabata awiri, choncho ameneyo timangomusiya ndi kupitiriza ndi enawo.

Kabuku kakatayika, musakhale pakhomo. Uzani mlangizi wa zaumoyo komwe mwana ankapita kusikelo kuti afufuze m'kaundula. Chipsera cha pamkono chimangosonyeza kuti analandira katemera wa chifuwa chachikulu, sichinena za enawo. Umboni ukasoweratu, m'pamene timamupatsa ngati sanalandirepo, poti kubwereza katemera sikumuvulaza. Ndipo chimfine kapena kutsegula m'mimba pang'ono si chifukwa chomubwezera kunyumba osabayidwa.